Galafu ikuti mchenga pomwe dothi likumata m'manja: kupeza pamene mzere walakwika

Vuto limeneli limabwerabwera pa masampulo a dothi lofiira la m'munsi mwa phiri la Zomba, ndiponso pa makande a ku chigwa cha nyanja ya Chilwa. Pepala lochokera ku labu limabwera ndi galafu ya kukula kwa timibulu ta dothi, mzere wake wosalala bwino, pansi pake atalemba kuti dothi ndi mchenga wokhala ndi fumbi pang'ono. Koma amene anakumba dzenjelo akudziwa kuti dothi linkakanirira ku khasu, ndipo mukalinyowetsa limapoteka ngati dongo loumbira mphika. Zikasemphana chonchi, yambani mwakayikira pepala. Dzanja silingakuuzeni kuti dongo ndi 32 peresenti, koma silisokoneza mchenga ndi katondo.

Zimene mzere umanena

Kadontho kalikonse pa mzere kamayankha funso limodzi: mwa dothi lonse louma, ndi maperesenti angati amene ali aang'ono kuposa kukula uku? Kukula kwa timibulu kumalembedwa m'munsi mwa galafu m'mamilimita, maperesenti odutsa sefa amalembedwa m'mbali kuyambira 0 mpaka 100. Choncho mchenga, dongo ndi siliti, amene ndi timibulu ta pakati pa ziwirizi, siziwerengedwa pa kadontho kamodzi. Mumawerenga mzere pa malire awiri, n'kuchotsera. Ngati pa 2 mm mzere uli pa 98, ndipo pa 0.063 mm uli pa 57, mchenga ndi 41 peresenti, osati 98 kapena 57.

Palinso lamulo limodzi limene mzere woona sungaphwanye. Mukamautsatira kuchokera ku timibulu tikulutikulu kupita ku tating'ono, uyenera kutsika kapena kuyenda chogona. Sungakwere ngakhale pang'ono, chifukwa dothi laling'ono kuposa 0.03 mm silingachuluke kuposa dothi laling'ono kuposa 0.075 mm. Onaninso mbali imene timibulu tikulutikulu tili, popeza mapepala otsatira ndondomeko ya ku Britain ya BS 1377 amatiyika kudzanja lamanja, pomwe ambiri otsatira ya ku America ya ASTM amatiyika kumanzere.

Musanakhudze sampulo, onetsetsani kuti pepalalo mukuliwerenga bwino. Manambala a m'munsi sayenda mofanana ngati a pa rula. Mtunda wochoka pa 0.01 kufika pa 0.1 ndi wofanana ndi wochoka pa 0.1 kufika pa 1, ndipo pakati penipeni pa 0.01 ndi 0.1 si pa 0.055 ayi, ndi pa 0.032. Ngati mtunda umenewu uli mamilimita 50 papepala, 0.02 ali pa 15, 0.05 ali pa 35, 0.063 ali pa 40, ndipo 0.075 ali pafupi ndi 44. Munthu woyeza ndi diso la rula amayika 0.063 chapakati, pa 29 kapena 30, pamene kwenikweni pali 0.04, motero gawo la siliti amalipereka kwa mchenga. Galafu ikajambulidwa pa kompyuta, vuto ndi lomwelo ngati mwasankha galafu ya mtundu wa `Line` m'malo mwa `Scatter`, kapena mwaiwala kuchonga `Logarithmic scale`. Chizindikiro chake n'chakuti timadontho tonse ta pansi pa 0.1 mm timaunjikana pakona imodzi, kapena masefa onse amatalikirana mofanana.

Sampulo imodzi, mizere iwiri

Tiyerekeze katondo wokumbidwa mita imodzi pansi, pamalo omanga nyumba cha ku Matawale. Wauma mu uvuni, wapondedwa pang'ono mu mtondo wa mu labu, ndipo magalamu 500 athiridwa pa masefa ali ouma. Pa sefa ya 4.75 mm palibe chotsala. Odutsa 2 mm ndi 96 peresenti, odutsa 0.425 mm ndi 60, odutsa 0.15 mm ndi 20, ndipo mu pani ya pansi pa sefa ya 0.075 mm mwagwera magalamu 45, kutanthauza 9 peresenti.

Mzere wotere umaoneka wadongosolo moti munthu amapitiriza kuwerengetsa osakayika. D60, kukula kumene 60 peresenti ya dothi imadutsa, ndi 0.425 mm. D30 ili pafupi ndi 0.195 mm, D10 ili pafupi ndi 0.08 mm.

```
Cu = D60 / D10 = 0.425 / 0.08 = 5.3
Cc = D30² / (D10 × D60) = 0.038 / 0.034 = 1.1
```

M'ndondomeko ya USCS, yogawira dothi m'magulu pa ntchito zomangamanga, mchenga umatchedwa wosakanikirana bwino, SW, pamene Cu yafika 6 ndipo Cc ili pakati pa 1 ndi 3. Apa Cu yaperewera, ndiye dothi likhala SP, mchenga wosasakanikirana bwino, ndipo popeza fumbi lodutsa sefa ya 0.075 mm lili pakati pa 5 ndi 12 peresenti, lipatsidwa dzina lapawiri, SP-SM ngati fumbilo ndi siliti kapena SP-SC ngati ndi dongo. Masamu onsewa ndi olondola. Cholakwika n'chakuti zimene zayezedwa si timibulu ta dothi, koma timabuma.

Njira yachangu yodziwira ili pa sefa yomweyo. Tapani pang'ono zimene zatsala pa sefa ya 0.425 mm, muike pachikhatho, mudonthezepo madzi n'kutikita ndi chala. Mchenga weniweni umakhalabe wokhakhala ndipo madzi sasintha kwenikweni. Timabuma ta katondo timasungunuka, chikhatho chimafiira, ndipo chotsala ndi timchenga toyera towerengeka. Zikatero mzere wonse ndi wotaya, palibe chokonza ndi masamu.

Chimene chimachitika n'chakuti m'dothi lofiira la kumalo otentha, dzimbiri la chitsulo ndi aluminiyamu limamatiriza timibulu ta dongo kukhala timabuma tolimba, tofanana kukula ndi siliti kapena mchenga. Kugwedeza masefa kwa mphindi khumi sikungatiphwanye. Uvuni wa madigiri 105 mpaka 110 umawonjezera vutoli, chifukwa pa dothi lina lofiira kuuma kotere kumalimbitsa timabumato mpaka kalekale, moti ngakhale mutanyowetsanso sitimasuka tonse. N'chifukwa chake sampulo ya katondo ndi bwino kuigawa pawiri ikangofika. Gawo limodzi lipite mu uvuni kuti mudziwe kuchuluka kwa madzi, gawo loyesalo lisalowemo. Liyezeni lili ndi chinyezi chake, kenako muwerengetse kulemera kwake kouma pogwiritsa ntchito madzi amene mwapeza pa gawo loyamba. Ngati pakufunika kuumitsa kuti ligawike, liyanikeni pamthunzi kapena pa kutentha kosapitirira madigiri 50.

Tsopano dothi lomwelo litsukidwe. Tengani lolingana ndi magalamu 500 ouma, muliviike m'madzi osungunuliramo magalamu awiri a sodiyamu hekisametafosifeti pa lita iliyonse, mankhwala amene ambiri amangowatcha kaligoni. Ola limodzi ndi nthawi yochepetsetsa, koma katondo amachita bwino akagona m'madzimo usiku wonse, mukumatakasa apo ndi apo. M'mawa thirani pang'onopang'ono pa sefa ya 0.075 mm, mutaika sefa ya 2 mm pamwamba pake kuti timiyala tisaboole waya wosalimbawo, ndipo tsukani mpaka madzi otuluka ayere. Zotsalazo ndizo ziume mu uvuni n'kusefedwa zouma.

Pa sampulo yathu zotsala pa masefa onse zakwana magalamu 210. Odutsa 2 mm ndi 98 peresenti, 0.425 mm ndi 82, 0.15 mm ndi 66, ndipo 0.075 mm ndi 58. Apa pali msampha wina waung'ono umene umagwira ngakhale anthu ozolowera ntchito. Maperesenti onse awerengedwe pa magalamu 500 oyambirira, osati pa 210 amene atsala mutatsuka. Mukagawa ndi 210, mzere udzatsikira pafupi ndi 0 pa sefa yomaliza, ndipo mudzapezanso mchenga woyera bwino umene kulibe, magalamu 290 atapita mu ngalande osawerengedwa.

Fumbi lachoka pa 9 kufika pa 58 peresenti. Dothi ladumpha malire atatu nthawi imodzi, a 12 ndi a 50 peresenti a USCS, komanso a 35 peresenti amene AASHTO imagwiritsa ntchito posiyanitsa dothi lamchenga ndi dothi la siliti ndi dongo pa ntchito za misewu.

Pamene sefa ikumana ndi haidiromita

Sefa imathera pa 0.075 kapena 0.063 mm. Kuti musiyanitse siliti ndi dongo pamafunika haidiromita, chida choyandama choyezera kuchuluka kwa dothi limene lili m'madzi, imene imadalira lamulo la Stokes la 1851 lakuti kambulu kakakulu kamamira msanga kuposa kakang'ono. Kambulu ka 0.075 mm kamatsika masentimita 30 m'mphindi imodzi. Ka 0.002 mm kamatenga maola pafupifupi asanu ndi atatu kuti katsike masentimita 10 madzi akakhala pa madigiri 20. Mzere womwe mumauona papepala ndi mizere iwiri yolumikizidwa, yochokera ku mayeso awiri osiyana, ndipo zolakwika zambiri zimaonekera pamfundo pomwepo.

Tipitirize ndi sampulo yathu. Magalamu 50 ouma a dothi lodutsa 0.075 mm aviikidwa m'mamililita 125 a kaligoni wa magalamu 40 pa lita kwa maola 16, atakasidwa ndi makina, n'kuthiridwa mu silinda ya lita imodzi. Haidiromita ndi ya mtundu wa 152H, imene imawerenga magalamu a dothi pa lita. Silinda ina ya madzi ndi kaligoni yekha, yopanda dothi, ikuwerenga 5, ndipo 5 ameneyu amachotsedwa pa nambala iliyonse.

```
D = K × √(L / t)      K = 0.01365 (20 °C, Gs 2.65)
L = 16.3 − 0.164 × (R + 1)

t (min)   R    R−5   P1    D (mm)   P1 × 0.58
2         48   43    86    0.028    50
60        38   33    66    0.0055   38
480       33   28    56    0.0020   32
1440      31   26    52    0.0012   30
```

Apa t ndi mphindi zimene zadutsa, R ndi nambala ya pa haidiromita, L ndi kuya kwa poyezerapo m'masentimita, D ndi kukula kwa kambulu, ndipo K ndi nambala yodalira kutentha kwa madzi ndi Gs, kulemera kwa timibulu poyerekeza ndi madzi. P1 ndi peresenti ya magalamu 50 aja okha. Pa mphindi ziwiri, magalamu 43 mwa 50 akadali m'madzi, ndiye 86 peresenti. Koma magalamu 50 amenewo anachokera m'gawo limene ndi 58 peresenti chabe ya dothi lonse. Mukajambula 86 mwachindunji, mzere utsika mpaka 58 pa 0.075 mm, kenako ulumpha kukwera pa 86 pa 0.028 mm. Ili ndi vuto losavuta kuliona, ndipo mankhwala ake ndi kuchulukitsa P1 iliyonse ndi 0.58.

Lovuta kuliona ndi la mbali inayo, pamene mzere ukugwa phompho pamfundo, chifukwa kugwa sikuphwanya lamulo lililonse. Nthawi zambiri zimachitika pamene dothi la mu silinda linadutsa sefa ya 2 mm, koma wowerengetsa wachulukitsa ndi peresenti ya sefa ya 0.075 mm. Pa sampulo yathu, dothi lodutsa 2 mm likanawerenga pafupifupi 51 peresenti pa mphindi ziwiri. Kuchulukitsa ndi 0.98 kumapereka 50, mogwirizana ndi tebulo. Kuchulukitsa ndi 0.58 kumapereka 30, ndipo dongo limatsika kuchoka pa 32 kufika pa 19. Choncho funso loyamba lofunsa amene anayesa ndi lakuti, kodi dothi munaika mu silinda linadutsa sefa iti? Yankho lake liyenera kulembedwa pa pepala lomwelo. Ngati silinalembedwe, nambala yoyamba imaulula yokha: magalamu 50 odutsa 0.075 mm amayamba kuwerenga chapamwamba, m'ma 40, pomwe odutsa 2 mm a dothi lomweli amayambira pafupi ndi 30.

Kugwa kwapang'ono, kwa maperesenti awiri kapena atatu, kawirikawiri kumachokera ku chinyezi. Dothi loyanikidwa pamthunzi si louma. Ngati lili ndi madzi 6 peresenti, magalamu 50 a pa sikelo ndi magalamu 47.2 a dothi, ndipo mukagawa ndi 50 manambala onse a haidiromita amachepa. Kusiyana kwa peresenti imodzi kapena ziwiri pamfundo musavutike nako. Sefa imayeza m'mimba mwa kambulu, haidiromita imayeza liwiro la kumira ngati kuti kambulu kalikonse n'kobulungira, pomwe dongo ndi timiyala tonyezimira ta maika ndi zaphanthiphanthi ndipo zimamira mochedwa. Mayeso awiriwa sangakumane ndendende. Chimene sichiyenera kuchitika ndi kukoka mzere ndi dzanja kuti ubise phompho la maperesenti khumi.

Silinda ikayera msanga

Pali mzere wina umene umalumikizana bwino pamfundo, n'kuyenda chogona pang'ono, kenako n'kugwa mwadzidzidzi penapake pakati pa 0.02 ndi 0.005 mm mpaka pafupi ndi 0. Papepala umaoneka ngati siliti wokhawokha wopanda dongo. Dothi lotere lilipo, koma pa makande kapena katondo kawirikawiri ichi ndi chizindikiro chakuti dongo lagwirana m'madzi n'kumira pamodzi. Yang'anani silinda pakatha ola limodzi. Dothi lomwazika bwino limasiya madzi ali mbuu, akuda pang'onopang'ono kupita pansi, ndipo mawa lake amakhalabe osayera. Dothi logwirana limasiya madzi oyera pamwamba, ndi malire ooneka bwino pamene matope ayambira, nthawi zina timinyenyeswa tikuyandama.

Zoyambitsa zake ndi zitatu, ndipo muzifufuze motsatana. Choyamba ndi madzi. Madzi a pampopi kapena a pamjigo amakhala ndi kashiamu ndi mchere wina umene umagwirizanitsa dongo, ndiye kuyambira poviika mpaka podzaza silinda pamafunika madzi otchezedwa a mu labu. Chachiwiri ndi kaligoni wokhalitsa. Akasungunulidwa amafooka pang'onopang'ono, choncho botolo lilembedwe tsiku, ndipo likapitirira mwezi lisinthidwe. Otsatira BS 1377 amasakaniza magalamu 33 a hekisametafosifeti ndi magalamu 7 a sodiyamu kaboneti pa lita, n'kuthira mamililita 100, kenako kugwedeza kwa maola osachepera anayi.

Chachitatu chili m'dothi lenilenilo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye mchere umatsalira m'madzi ndi m'dothi la m'mphepete mwake. Sampulo yochokera cha ku Kachulu ikhoza kugwirana ngakhale madzi ndi mankhwala zili bwino. Yotereyi imayamba yasukulutsidwa: itakaseni m'madzi otchezedwa, idikhe, tsanulani madzi oyera a pamwamba osataya dothi, ndipo bwerezani mpaka madzi ayambe kukana kuyera. Akayamba kukana, mchere wachepa ndipo dongo layamba kumwazika. Dothi lakuda la m'dambo limene lili ndi zowolerana zambiri limafuna kuti zowoleranazo ziyambe zapserezedwa ndi haidirojeni perokisaidi, chifukwa nazonso zimamata timibulu.

Kutentha nako kumasokoneza mbali ya dongo. Madzi ofunda ndi opepuka kudutsamo, moti K imatsika kuchoka pa 0.01365 pa madigiri 20 kufika pa 0.01286 pa madigiri 25, ndipo kambulu ka 0.002 mm kamatsika masentimita 10 m'maola osakwana asanu ndi awiri m'malo mwa pafupifupi asanu ndi atatu. Ku Zomba chipinda cha mu Juni n'chosiyana kwambiri ndi cha mu Okutobala, ndipo pansi pa denga la malata m'mawa ndi masana zimasiyananso. Kusintha kwa K kumangosuntha kadontho pang'ono chammbali. Choopsa ndi nambala yochotsera ija, chifukwa 5 wa m'mawa akhoza kukhala 3 kapena 4 masana, ndipo pa magalamu 50 kusintha kwa 1 pa haidiromita ndi maperesenti awiri. Ndiye silinda yopanda dothi ikhale pambali pa inzake, iwerengedwe nthawi iliyonse pamodzi ndi kutentha kwa madzi. Silinda isakhale pawindo, popeza dzuwa likawomba mbali imodzi madzi amayamba kuzungulira n'kunyamulanso dongo limene linkamira. Mchira wa mzere ukamakwera ndi kutsika pa manambala a maola 4, 8 ndi 24, yambani mwafufuza pamenepa.

Masefa enieniwo

Zina ndi zazing'ono ndipo zimapezeka msanga. Phatikizani kulemera kwa zotsala pa masefa onse ndi mu pani. Zikasiyana ndi zimene munathira ndi kupitirira 1 peresenti, bwerezani kusefa. Sefa ya 0.063 mm ya mamilimita 200 m'mimba mwake isanyamule magalamu opitirira 25 pomaliza, ya 0.425 mm isapitirire 75. Ikadzaza, timibulu tating'ono sitifika pa waya ndipo mzere umatsika kuposa mmene uyenera kukhalira, ndiye sefani m'magawo awiri kapena atatu. Sefa yong'ambika imachita mosiyana, imachulukitsa odutsa. Iyang'aneni motsutsana ndi kuwala, makamaka m'mphepete mmene waya wamatira ku chitsulo. Ngati dothi limene akuti ladutsa 0.075 mm likusiya mchenga wokhakhala pansi pa silinda m'masekondi khumi oyamba, sefayo yaboola.

Mzere ukayenda chogona pakati, mwachitsanzo kuyambira 2 mm mpaka 0.3 mm, sikuti walakwika nthawi zonse. Dothi la timiyala ta lubwe tokhala m'dongo limachita zimenezi mwachibadwa. Koma funsani ngati wokumba sanathire m'thumba limodzi mchenga ndi dongo za misinkhu iwiri, monga zimachitikira m'mphepete mwa Likangala ndi Domasi, kumene madzi osefukira amasanjikiza mchenga ndi matope. Thumba lotero limapereka mzere wa dothi limene pansipo kulibe.

Kutchula dzina mzere ukakonzeka

Mzere wokonzedwa wa sampulo yathu ukudutsa 100 pa 4.75 mm, 98 pa 2 mm, 58 pa 0.075 mm, 50 pa 0.028 mm ndi 32 pa 0.002 mm. Malire amene mumawerengapo amadalira amene afuna zotsatirazo. Wa USCS amati mchenga ndi kuyambira 4.75 mpaka 0.075 mm, ndiye 42 peresenti, fumbi 58. Wa BS amadula pa 2 ndi 0.063 mm, pamene mzere uli pafupi ndi 57, ndiye timiyala 2, mchenga 41, siliti 25, dongo 32. Wa zaulimi wotsatira USDA amadula pa 0.05 mm, pamene mzere uli pafupi ndi 55, ndipo amachotsa kaye timiyala n'kugawa zonse ndi 0.98, zomwe zimapereka mchenga 44, siliti 23 ndi dongo 33. Apa kusiyana n'kochepa chifukwa mzere ukutsika mwapang'onopang'ono pamalirepo. Pa dothi la mchenga wosalala ndi siliti, limene mzere wake umatsetsereka kwambiri pakati pa 0.1 ndi 0.04 mm, mapepala awiri a dothi limodzi akhoza kusiyana ndi maperesenti khumi popanda wolakwa. Musanatsutse labu ya zaulimi ndi pepala la labu ya zomangamanga, onani kaye malire amene aliyense wagwiritsa ntchito.

Cu ndi Cc pano sizikugwiranso ntchito. Mzere wathera pa 30 peresenti, D10 palibe, ndipo kuutalikitsa ndi pensulo kuti ufike pa 10 ndi kupeka. Ngakhale D10 ikanapezeka, USCS imafuna manambalawa pa mchenga ndi timiyala tokhala ndi fumbi losapitirira 12 peresenti basi. Pulogalamu ya pa kompyuta ikakutulutsirani Cu wa 400 pa dothi ladongo, fufutani.

Chomaliza, chimene chimayambitsa mikangano yambiri, n'chakuti m'USCS mzere sutha kunena wokha ngati fumbi ndi siliti kapena dongo. Umangokuuzani kuti fumbi lafika 50 peresenti, ndiye dothi lili m'gulu la losalala. Chilembo cha M kapena C chimachokera ku malire a Atterberg, oyezedwa pa dothi lodutsa 0.425 mm: LL, peresenti ya madzi pamene dothi limayamba kuyenda ngati phala, ndi PL, peresenti ya madzi pamene limasiya kupoteka n'kuyamba kufumbutuka. Tinene kuti sampulo yathu yapereka LL 46 ndi PL 25, ndiye PI, kusiyana kwa ziwirizi, ndi 21, ndipo imayerekezedwa ndi mzere wa A, malire olekanitsa dongo ndi siliti.

```
PI (A) = 0.73 × (LL − 20) = 0.73 × 26 = 19
```

PI ya 21 ili pamwamba pa 19 ndipo LL sinafike 50, choncho dothi ndi CL, dongo losakanikirana ndi mchenga. PL ikanakhala 30, PI ikanakhala 16, pansi pa mzere wa A, ndipo dothi lomwelo la 32 peresenti ya timibulu tochepera 0.002 mm likanatchedwa ML, kutanthauza siliti. Si kulakwitsa ayi. Dothi lofiira lambiri limagwera pansi pa mzere wa A, chifukwa dongo lake la kaolinaiti ndi dzimbiri la chitsulo silinanda mofanana ndi la makande, limene limafufuma mvula ikagwa n'kung'aluka m'chilimwe. Pa lipoti lembani zonse ziwiri, maperesenti a pa mzere ndi chilembo cha USCS, pamodzi ndi mmene sampulo inaumitsidwira, mankhwala amene munathira ndi maola amene inagwedezedwa, chifukwa pa katondo zinthu zitatuzi zimasuntha nambala ya dongo.

Ngati mukukayikabe kuti timabuma tamasuka tonse, yesani magalamu 50 ena a sampulo yomweyo mutagwedeza usiku wonse m'malo mwa maola anayi. Nambala ya pa 0.002 mm ikakhala yomweyo, kapena kusiyana ndi peresenti imodzi kapena ziwiri, mzere woyamba ungathe kutuluka. Ikakwera ndi zisanu kapena kuposerapo, jambulani mizere yonse iwiri papepala limodzi ndipo mulembe nthawi yogwedeza pambali pa uliwonse. Womanga msewu ayenera kuona yonse iwiri, popeza katondo ameneyu akamasakanizidwa ndi madzi n'kupondedwa ndi rola timabuma take timapitiriza kuphwanyika, ndipo dothi la mumsewu limayandikira mzere wachiwiri kuposa woyamba.